Munayendetsa geni ya pakhomo zaka zingapo? Nayi njira yoilembera pa sivi ngati ntchito yeniyeni

Funso ili landipeza kokwanira tsopano. Mwezi uno wokha anthu atatu, wina pa watsapu, wina tinakumana pa depoti pa Boma, wina ndi mwana wa achemwali anga, onse nkhani ndi imodzi: "Akufuna munthu woti anagwirapo ntchito zaka ziwiri, ine chilembereni mayeso a Fomu 4 ndangokhala ndikuyendetsa geni ya kunyumba, ndilembe chani?" Ndiye ndaona kuti bola ndilembe kamodzi, wina akafunsanso ndizingomutumizira zomwezi.

Ine ndinayendetsa geni ya usipa ya kwathu ku Msaka, m'boma la Mangochi, kuyambira Malichi 2020 mpaka Okutobala 2023, bambo atayamba kuvutika ndi miyendo moti kudzuka m'bandakucha kupita kudoko samathanso. Ntchito yomwe ndili nayo panopa, yosunga katundu ku bungwe lina, ndinaipeza ndi sivi yomwe inalibe ntchito ina iliyonse koma geni yomweyo. Chitsanzo changa chikhala cha usipa chifukwa ndi chomwe ndikuchidziwa, koma kaya inu mumayendetsa okala, chigayo, shopu ya utelala, lesitilanti kapena njinga za kabaza za amalume, njira yake ndi yomweyi.

Mudziwiretu chinthu chimodzi. Munthu amene akuwerenga masivi mulu wonse uja sadana ndi geni ya pakhomo ayi, vuto lake ndi loti aliyense akhoza kulemba kuti ankayendetsa bizinesi ya makolo, ngakhale amene ankangokhala pa benchi panja pa shopu, ndiye iye alibe podziwira kuti woona ndi uti. Ntchito yanu yonse ndi kumupatsa podziwirapo. Mzere uliwonse umene mulembe ukhale ndi pepala kapena munthu wosakhala m'bale wanu amene angauvomereze.

1. Pezani mwezi woona umene munayamba ndi umene munasiya

Apa ambiri amalakwitsa poganiza kuti zaka zikachuluka ndiye zikoma. Munthu wa zaka 24 kulemba kuti wakhala pa bizinesi zaka 12 chifukwa ankatumidwa kukagulitsa ali ku pulaimale, wowerenga amangochotsera, nkuona kuti munayamba muli ndi zaka 12, basi sivi yonse wayamba kuikayikira. Kuthandiza makolo muli mwana si ntchito yolemba pa sivi. Yambani kuwerenga pa tsiku limene udindo unabwera m'manja mwanu, tsiku limene anakupatsani kope ndi ndalama za mpamba, kapena makiyi a shopu, moti zikasokonekera wofunsidwa mumakhala inu. Kwa ine linali tsiku lomwe bambo anandipatsa kachikwama kawo ka ndalama nkunena kuti "mawa upite ndiwe." Mwezi wake ndinaukumbukira chifukwa ndi nthawi yomwe masukulu anatsekedwa kaamba ka Covid, Malichi 2020. Ngati mwezi mwaiwala umangirireni pa chinthu chotero, maliro, ukwati, Ramadani ya chaka chimenecho, chisankho, kenako mukayang'ane deti lake.

Lembani mwezi ndi chaka, osati chaka chokha. Ndipo ngati nthawi ina mumaphatikiza ndi sukulu kapena kosi, nenani kuti inali ya maola ochepa, chifukwa madeti a setifiketi yanu ali pa tsamba lomwelo ndipo adzawaona kuti akugundana.

2. Lembani kaye tsiku lanu lonse m'chilankhulo chanu

Musathamangire Chingerezi. Tengani pepala mulembe m'Chichewa kapena m'Chiyao zonse zomwe mumachita kuyambira podzuka mpaka pogona, osasankha kuti ichi nchachabechabe. Langa linali lotere: kufika kudoko maboti a chilimira asanakocheze, kuona usipa ngati uli wabwino, kunenerera mtengo wa chigoba, kulipira, kuitana amayi oyanika kuti akaumwaze pa thandala, kusankha woti ufutsidwe ndi woti ungouma ndi dzuwa, kulondera mvula, kulonga m'matumba, kukambirana ndi a lole, kuimbira makasitomala ku Limbe, kulemba amene watenga pangongole, kulondola ngongolezo, madzulo kuwerenga ndalama ndi mayi.

Kwa amene si a kunyanja, chilimira ndi khoka lomwe amaphera usipa usiku ndi nyali, thandala ndi tebulo lalitali loyanikapo nsomba, chigoba ndi muyezo umene timagulira kudoko, ndipo kufutsa ndi kuuwiritsa pang'ono usipa musanauyanike.

Mukamaliza muyang'anenso pepalalo, muona kuti muli ntchito zingapo zomwe m'maofesi zili ndi anthu ake osiyanasiyana. Kunenerera mtengo ndi kugula ndi ntchito ya ogula katundu. Kuwerenga matumba olowa ndi otuluka ndi ya ku sitolo. Kugawa ganyu ndi kulipira anthu ndi uyang'aniri. Kope la ngongole ndi za maakaunti. Koma chenjerani, lembani zomwe mumachita inuyo. Ngati ndalama amasunga ndi mayi ndipo inu mumangopereka madzulo, musalembe kuti mumayang'anira chuma chonse cha bizinesi, adzakufunsani funso limodzi lokha la mmene mumawerengera phindu nkukakamira pomwepo.

3. Fukulani manambala, apa mpamene pali ntchito yeniyeni

Malangizo ambiri a sivi amangoti "ikani manambala" nkudutsa, ngati kuti geni ya pakhomo ili ndi kompyuta yosunga malipoti. Ife tili ndi kope lonyowa ndi madzi a nsomba, masamba ena anang'ambidwa kukulungira zinthu, ndiye tiyeni tikhalepo pang'ono.

Sonkhanitsani chilichonse chomwe chili ndi deti: makope a ngongole, malisiti a chiphaso cha msika, laisensi ya bizinesi ya ku khonsolo ngati munali nayo, buku la banki mkhonde, mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba, macheza a pa watsapu ndi makasitomala, zithunzi za mu foni. Zithunzi anthu amazipeputsa koma zimasunga deti, ndipo chithunzi cha matumba atakwezedwa pa lole chimakuuzani tsiku la ulendo ndi kuchuluka kwa matumba. Za ndalama za pa foni mukhoza kupita ku shopu ya kampani ya foniyo ndi chitupa chanu cha unzika kukapempha sitetimenti, ndipo chitani zimenezi msanga, osadikira tsiku loti mwaitanidwa ku intavyu. Koma onetsetsani kuti nambalayo inalembetsedwa m'dzina lanu. Ngati laini ili m'dzina la mayi, sitetimentiyo ikuchitira umboni mayi, osati inu, ndiye muifunika poti muwerengere manambala basi, osati yokaonetsa.

Kenako musayese kuwerenga zaka zonse. Sankhani chaka chimodzi chimene zolemba zake zili zokwanira bwino, muchiwerenge mwezi ndi mwezi. Ine ndinasankha 2022. Ndinakhala pa mkeka masiku awiri ndi kope, pepala lina pambali nditajambula mizere ya miyezi 12, ndikulemba ulendo uliwonse wa ku Limbe ndi matumba ake. Pomwe kope linali chete ndimayang'ana pa watsapu, chifukwa ulendo uliwonse ndinkatumiza uthenga kwa makasitomala kuti katundu wanyamuka. Ndinapeza maulendo 18. Sanagawike mofanana ayi, miyezi ya mwera cha mu Juni ndi Julaye maboti salowa kawirikawiri ndiye maulendo anali ochepa, nthawi ya mvula kuyanika kumavuta, miyezi ina ndinapita katatu. Matumba pa ulendo anali pakati pa 6 ndi 10, onse pamodzi anakwana 143, ndipo pa sivi ndinalemba 140. Nthawi zonse tsitsani nambala, musaikweze. Mukalemba 140 wina nkupeza 143 palibe mlandu, koma mukalemba 200 mwadzitchera nokha msampha.

Anthu ogwira ntchito ndinawerenga amene ndinkawalipira ine ndi dzanja langa mobwerezabwereza: amayi 4 oyanika ndi mnyamata mmodzi wonyamula ndi kusoka matumba, onse 5, ndipo anali aganyu a nyengo, sanali olembedwa pa mwezi, choncho pa sivi ndinanenanso kuti ndi a nyengo. Azing'ono anga amene ankathandiza akaweruka kusukulu sindinawawerengere. Makasitomala ndinawerenga okhawo oodha amene ali ndi tsamba lawolawo mu kope la ngongole, anali 7. Ogula kamodzi nkupita sindinawaike.

Nanga ndalama? Ine ndimalangiza kuti muwerenge katundu, maulendo ndi anthu m'malo mwa makwacha. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye ndalama yomwe inali yaikulu mu 2021 lero ikuoneka yochepa, ndipo mukalemba kuti malonda anakwera kuchoka pakuti kufika pakuti, munthu wodziwa za maakaunti adzangoti imeneyo ndi mitengo yomwe inakwera, osati luso lanu. Thumba ndi thumba chaka chilichonse. Ngati ntchito yomwe mukufunsira ndi yogwira ndalama, monga ukashiya kapena ya ngongole, pamenepo ikani nambala ya ndalama imodzi yokha, ya zomwe zinkadutsa m'manja mwanu pa mwezi, ndipo muike chaka chake pambali. Musasokonezenso malonda ndi phindu, ndalama zonse zomwe zalowa si phindu, ndipo phindu la banja lanu silofunika kulilemba pa sivi.

Chinanso chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi maperesenti ongopeka. Munthu walemba kuti anachepetsa kuonongeka kwa katundu ndi 40 peresenti chifukwa anaona pa sivi ya mnzake. Ineyo ndinayamba kufunditsa mathandala ndi pulasitiki nthawi ya mvula komanso kufutsa usipa wambiri kukakhala mitambo, ndipo ndikudziwa kuti wovunda unachepa, koma sitinkalemba wotayika, ndiye peresenti ndinalibe poichotsa. Pa sivi sindinaike nambala, nkhaniyo ndinaisungira ku intavyu komwe ndinaifotokoza mmene inalili.

Ngati zolemba kulibiretu, khalani pansi ndi anthu awiri amene ankaona geniyo, aliyense payekha, muwafunse kuti pa sabata mumatumiza kangati, nkutenga nambala yaing'onoyo. Ndipo ngati geni ikadalipo gulani kope lero muyambe kulemba, pakatha miyezi itatu muli ndi umboni weniweni.

4. Pezani refeli amene si m'bale wanu

Refeli ndi munthu uja mumalemba kumapeto kwa sivi kuti olemba ntchito amuimbire kufunsa za inu. Pa ntchito za m'makampani amakhala bwana wanu wakale. Pa geni ya pakhomo bwana wanu ndi bambo anu kapena amalume, ndipo mawu awo salemera, palibe kholo lomwe linganene zoipa za mwana wake kwa mlendo pa foni. Ena amabisa ubalewo, kulemba amalume ngati manejala poti dzina la bambo ndi losiyana. Musatero. Mangochi ndi wamng'ono pa nkhani za anthu, zikadziwika mwachotsedwa ntchito ndi mbiri ya bodza.

Funani munthu wakunja kwa banja amene ankakuonani mukugwira ntchitoyo ndipo ndalama kapena katundu wake ankadutsa m'manja mwanu. Pa usipa anthu otere alipo ambiri: kasitomala woodha wa ku Limbe amene munkamupatsa katundu pangongole, mwini boti amene munkagulako, mwini lole, wapampando kapena mlembi wa komiti ya padoko ija timaitcha BVC, alangizi a za nsomba a m'dera lanu, mlembi wa banki mkhonde komwe munkatenga ndi kubweza ngongole ya mpamba. Pa okala ndi a holoselo komwe mumaodha, eni nyumba ya lendi, oyang'anira msika. Tengani awiri amene anakuonani mbali zosiyana, wina wa kogula wina wa kogulitsa. Kalata ya amfumu, ya a shehe kapena abusa ndi yabwino, koma imanena za khalidwe lanu ndi komwe mumakhala, siinena ngati mumadziwa kusunga sitoko, choncho ikhale yowonjezera chabe.

Tsopano tamverani zomwe zinandichitikira, chifukwa zinanditayitsa mwayi. Ndinafunsira ntchito ku kampani ina, intavyu inayenda bwino, ndipo refeli ndinalemba mayi wina wa ku Limbe amene ndinamugulitsa usipa zaka zitatu, munthu woti amandikonda ngati mwana wake. Sindinamuuze kanthu, ndimati adziwa kale. Anamuimbira nkumutchulira dzina langa lonse la pa chitupa, iye anati "pepani bambo, ameneyo sindikumudziwa, mwina mwalakwitsa nambala." Zaka zonsezo amandiitana ndi dzina la kudoko, la pa chitupa anali asanalimvepo. Ndinadzazimva patapita masabata iye akundifotokozera za foni yachilendo yomwe analandira, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa wolakwa ndinali ine. Kwathu kuno ambiri timadziwika ndi dzina la mwana, la bambo kapena lachibwana, ndiye izi zikhoza kugwera aliyense.

Choncho muwaimbire kapena kupita konko. Apempheni kaye chilolezo. Auzeni dzina lanu monga lalembedwera pa chitupa ndi pa setifiketi ya MSCE, alisunge mu foni pambali pa dzina lomwe amakudziwani nalo. Auzeni ntchito yomwe mwafunsira ndi kuti mwina kubwera foni ya nambala yachilendo, asaidule poganiza kuti ndi akuba a pa foni aja. Akumbutseni zaka zomwe munagwira nawo ntchito, osati kuwaphunzitsa bodza, koma kuti zomwe anene zisasemphane ndi madeti anu, chifukwa munthu akhoza kungoti "aa, ndi kalekale, zaka khumi" pofuna kukukometserani, pomwe inu mwalemba zitatu. Ngati salankhula Chingerezi lembani pa sivi pambali pa nambala yawo kuti amalankhula Chichewa kapena Chiyao, palibe chamanyazi. Ngati komwe amakhala netiweki imavuta ikani manambala awiri.

Kalata ngati angalembe ndi bwino koposa. Isakhale yaitali: iwo ndi ndani ndipo amachita chani, anakudziwani kuyambira liti mpaka liti, anakuonani mukuchita chani ndi maso awo, mwachitsanzo kuti munkawatumizira matumba mwezi ndi mwezi ndipo mawerengero sanasemphanepo, kenako siginecha, deti, nambala ya foni, ndi chidindo ngati ali nacho. Ya m'Chichewa yolembedwa ndi iwo eni imaposa ya Chingerezi chapamwamba yomwe aliyense akuona kuti mwalemba nokha iwo nkungosaina.

5. Dzina la udindo ndi dzina la bizinesi

Apa mtima umafuna kudzikweza. Ndaona `CEO`, `Managing Director`, `Founder` pa geni ya mathandala anayi. Vuto lake ndi pawiri: wowerenga sakhulupirira, ndipo ngakhale akhulupirire amadabwa kuti dairekita akufuniranji ntchito ya ukalaliki. Ena amapita mbali inayo nkulemba `Helper` kapena kungoti ankathandiza makolo, uku ndi kudzitaya. Tengani dzina lofanana ndi zomwe zinatuluka pa pepala lanu lija. Ngati mumayang'anira anthu ndi katundu, `Operations Supervisor` kapena `Shop Supervisor` zikukwana. Ngati ntchito yaikulu inali kugulitsa ndi kulemba, `Sales and Stock Clerk`. Ngati geni yonse inali pa inu, kugula, kugulitsa ndi ndalama zomwe, `Business Manager` ndi zoona ndipo mukhoza kuziteteza. `Owner` lembani pokhapokha mpamba unali wanu.

Dzina la bizinesi, ngati inalembetsedwa kwa Registrar General, lembani monga lilili pa setifiketi, chilembo ndi chilembo. Ngati sinalembetsedwe musaipekere dzina lokhala ndi `Ltd` kumapeto, mawu amenewo ndi a kampani yolembetsedwa ndipo akhoza kufufuza nkupeza kuti kulibe. Ingofotokozani kuti inali geni yanji, ya banja, ya kuti. Za TPIN, nambala ya msonkho ya ku MRA ija, kapena laisensi ya ku khonsolo tchulani pokhapokha zinalipodi.

Pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti lomwe anthu amaikapo mbiri ya ntchito zawo, mukalowa pa `Experience` nkuwonjezera ntchito, mupeza `Title` pomwe muike dzina la udindo lija, kenako `Employment type`. Apa `Self-employed` ndi ya amene geni inali yake. Ngati inali ya makolo inu nkumaiyendetsa tsiku lonse sankhani `Full-time`, ngati mumaphatikiza ndi sukulu `Part-time`. Pa dzina la kampani lembani lanu lija mpaka kumapeto, musadine dzina la kampani ina lomwe likubwera lokha pansipo chifukwa likufanana, mukatero mbiri yanu ionetsa kuti munagwira ntchito kwa eni ake amene sakukudziwani. Chizindikiro cha kampani chikhala chotuwa chopanda chithunzi, zilibe kanthu. Ndipo madeti ndi udindo zikhale chimodzimodzi ndi za pa sivi, anthu amafananiza.

6. Lembani mizere itatu kapena inayi basi

Popeza sivi imalembedwa m'Chingerezi, nayi yanga mmene inalili:

```
Operations and Sales Supervisor
Family fish trading business (unregistered), Msaka, Mangochi
March 2020 - October 2023, full-time
- Bought, dried and packed usipa; sent 140 bags to Limbe in 18 trips in 2022
- Kept daily stock, cash and credit records for 7 wholesale buyers
- Supervised and paid 5 seasonal workers
- Paid fishers and transporters by Airtel Money and Mpamba
```

Taonani kuti mawu oti ya banja ndi oti sinalembetsedwe ali poyera pa mzere wachiwiri, palibe chomwe angadzatulukire pambuyo pake. Mzere uliwonse ukuyamba ndi chomwe ndinachita, ndipo uliwonse uli ndi pomwe watsamira: wa matumba uli mu kope ndi pa watsapu, wa ngongole akuuvomereza mayi wa ku Limbe uja, wa aganyu akuudziwa a komiti ya padoko, wa ndalama za pa foni uli pa sitetimenti. Mawu oti ndine wolimbikira, wokhulupirika, wogwira bwino ntchito ndi anzanga mulibe, amenewo aliyense amalemba ndipo refeli ndi amene ayenera kuwanena.

Ikani zimenezi pa gawo la ntchito zomwe munagwirapo, osati kumunsi pa zokonda kuchita pa nthawi yopuma monga ena amachitira ndi manyazi. Ndipo dongosolo la mizere lizisintha potengera ntchito yomwe yalengezedwa. Pofunsira ya ku sitolo ndinakweza mzere wa kope kukhala woyamba. Ikanakhala ya bungwe logwira ntchito ndi anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndikanayamba ndi za asodzi ndi aganyu, nkuwonjezera kuti ndimalankhula Chiyao. Ikanakhala ya ku malo ogona alendo cha ku Nkopola kapena ku Cape Maclear, ya ogula zakudya, ndikanatsogoza za kusankha nsomba yabwino ndi kunenerera mitengo. Zoona zake ndi zomwezo, chosintha ndi choti chiyambe nchiti. Chomwe simuyenera kuchita ndi kuwonjezera zomwe simunagwirepo, monga kulemba Excel pomwe zonse zinali za mu kope. Ngati ntchito ikufuna Excel phunzirani, mulowetsemo manambala a chaka chanu chija ngati poyeserera, mukatha ndiye muilembe pa gawo la maluso.

7. Konzekerani mafunso atatu amene sadzalephera kubwera

Loyamba ndi loti bizinesiyo inali ya ndani. Yankhani mosazungulira. Ine ndinati, "Inali ya bambo anga, bwana, koma atadwala mu 2020 kugula, aganyu ndi kope zonse zinabwera kwa ine, ndalama madzulo timawerengera limodzi ndi mayi." Ndinali nditatenga kope la 2022 mu envulopu pamodzi ndi pepala langa la miyezi 12 lija. Sindinaliyale pa tebulo ndekha, ndinangonena kuti lilipo, ndipo mayi wina pa gulu la ofunsa anati, "Tatiyeni tilione, achemwali." Analitsegula pakati, analoza tsamba limodzi nkufunsa kuti mzere wodulidwawu ukutanthauza chani, ndinawauza kuti ndi ngongole yomwe yamalizidwa kubwezedwa ndipo deti lili pambalilo ndi tsiku lomaliza. Mafunso otsatira onse anali a mmene ndimadziwira kuti thumba lasowa pa njira. Musanatenge kope lanu phimbani maina ndi manambala a foni a makasitomala ndi kapepala, ngongole za anthu si zoonetsa alendo, ndipo ofunsawo amaona kuti mumadziwa kusunga chinsinsi.

Lachiwiri ndi loti munasiyiranji, kapena ngati inagwa inagweranji. Geni kugwa si mlandu. Nenani chifukwa chenicheni mwachidule, kaya mpamba unadyedwa ndi matenda, kaya mitengo kudoko inakwera kuposa ya kumsika, kaya ngongole zinakanirira kwa anthu, kenako munene chomwe mungachite mosiyana. Osayamba kudandaula za abale amene ankatapa ndalama mu kabati, ngakhale zili zoona, nkhani za pakhomo zisiyeni pakhomo.

Lachitatu ndi lomwe limawadetsa nkhawa kwambiri ngati geni ikadalipo: kodi muzidzathawa ntchito kupita kudoko usipa ukagwa wambiri? Ili likonzeni ndi banja musanapite ku intavyu, osati mu chipinda chofunsira. Gwirizanani kuti kope atenga ndani, ndipo mumupatsedi. Ine ndinasiyira mng'ono wanga mu Okutobala 2023, tinayenda limodzi maulendo awiri a ku Limbe kuti makasitomala amudziwe, ndiye atandifunsa ndinawauza mwezi umene ndinapereka kope ndi kwa ndani. Pa LinkedIn chotsaninso chizindikiro pa `I am currently working in this role` nkuika mwezi womalizira, chifukwa mukachisiya chikuonetsa kuti mukadali pa geni pomwe ku intavyu mwanena kuti munasiya, adzakufunsani kuti zoona ndi ziti.